Musanalipire zobwereza folomu 4, yambani mwalembetsa mwanayo pepala limodzi

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, manyuzipepala ndi mawailesi amathamangira ana amene apeza mapointi 6 ndi masukulu amene akhozetsa onse. Ena amalira ndi amene alephereratu. Koma pali gulu lina lalikulu limene palibe amalikamba, ndipo ndi limene limagona osagona tulo: aja akuti mayeso akhoza ndithu, satifiketi alandira, koma khomo limene amalifuna latsekeka chala chili pachitseko. Lero ndikufuna ndicheze ndi gulu limeneli, komanso ndi inu makolo amene ndalama yobwerezera imachokera pabenchi yanu ya kaunjika kapena m'kagolosale kanu.

Nkhaniyi yandigwera m'nyumba. Mlongo wanga amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, ndipo mwana wake woyamba, muphwa wangayo, ndi mmodzi mwa anthu otere. Kapepala kake ka zotsatira kanali motere: Chichewa 3, Zaulimi 3, Bayoloje 4, Jogalafe 4, Masamu 5, Kemisitiri 6, Mbiri yakale 8, Chingerezi 7.

Kwa amene sukulu munaisiya kale, ndikukumbutseni mmene bungwe la MANEB limaperekera magiredi. Amayambira pa 1 kulekeza pa 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Kuti munthu alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale la kirediti. Kapena akhoze asanu kuphatikizapo Chingerezi, atatu akhale a kirediti. Koma mayunivesite a boma, amene ophunzira ake amasankhidwa kudzera ku bungwe la NCHE, amafuna makirediti asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chikhale chimodzi mwa iwo.

Tsono taonani kapepala ka mnyamatayu. Makirediti asanu ndi limodzi ali nawo, werengani nokha. Mapointi ake, kuwerengera maphunziro asanu amene anakhoza bwino ndi Chingerezicho, ndi 26. Koma 7 uja wa Chingerezi wamutsekera kunja, moti ngakhale fomu yofunsira malo sikumukhudza. Mnzake amene ali ndi mapointi 30 koma Chingerezi anapeza 6 atha kufunsira, iye ayi.

Mayi ake anabwera kwathu Lamlungu masana ali ndi maganizo omaliza kale. "Achimwene, mwanayu abwereze basi. Wangotsala pang'ono. Ndalama ndikatenga ku banki m'khonde." Mnyamatayo ali chete, maso pansi. Ine ndinati dikirani kaye, achemwali, mawu akuti wangotsala pang'onowo mwawatenga kuti?

Apa ndi pamene anthu ambiri timadzinamiza. Kapepala ka zotsatira kamaonetsa giredi, sikaonetsa malikisi. Giredi 7 ndi chipinda, ndipo m'chipindamo muli amene waima pakhomo lolowera ku 6 ndi amene watsamira khoma la 8. Onse awiri akafika kunyumba amanena chimodzimodzi, kuti ndinangotsala pang'ono. Wina akunena zoona, wina sakudziwa zimene akunena. Ndipo ngakhale amene anatsaladi pang'onoyo, chaka chamawa mafunso adzakhala ena. Malikisi amene anali nawo chaka chino sadzawapeza atawasungira pakhomo la chipinda cholembera mayeso, adzayenera kuwapezanso onse kuyambira loyamba.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera ineyo. Ndili chaka chachiwiri kuyunivesite ndinalephera phunziro limodzi ndi malikisi ochepa kwambiri, ndipo anandipatsa mwayi wolembanso, chimene ophunzira amati sapu. Ndinali ndi milungu ingapo yokonzekera. Ndinatenga manotsi omwe aja, n'kumawawerenga m'mawa ndi madzulo mpaka ndinkadziwa kuti mutu wakutiwakuti uli tsamba lamanja, m'munsi mwa pamene panatayikira tiyi. Ndinalowa m'mayeso ndili wodzikhulupirira. Zotsatira zinabwera zofanana ndi zoyamba zija, kusiyana kwake malikisi awiri kapena atatu. Nkhani ya fizi inangomalizitsa, koma chimene chinandichotsa pasukulu ndi chakuti ndinabwereza mayeso popanda kusintha kanthu kalikonse kupatula kuchuluka kwa maola okhala pampando. Mpaka lero sindinabwererekonso.

Nchifukwa chake ndinauza mlongo wanga kuti tambala asatulutse mpaka mwanayo atalemba pepala limodzi pamaso pathu. Tinapeza mapepala atatu onse a Chingerezi a chaka china cham'mbuyo, amene iye anali asanawaonepo. Loweruka lotsatira tinamukhazika patebulo, foni ili m'thumba mwanga, wotchi ili pakhoma, nthawi yake yeniyeni yolembedwa pamwamba pa pepala. Itakwana ndinamulanda cholembera ali pakati pa chiganizo. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Amalume, ndimalize kandime aka kokha." Ndinati iwe, kodi oyang'anira mayeso anakupatsa mphindi zoonjezera?

Wochonga anali bambo wina wa m'dera lathu, mphunzitsi wa Chingerezi amene anapuma pantchito. Mfundo imeneyi musaipeputse: mwana asadzichongere yekha chimangirizo, ndipo asachongeredwe ndi mnzake amene naye anapeza 7. Pafunika munthu amene anaphunzitsapo folomu 4 ndipo alibe chifukwa chomukondweretsera.

Zimene tinapeza zinadabwitsa tonse, kuphatikizapo mwini wake. Iye ankakhulupirira kuti chinamugwetsa ndi galamala, ndipo anali atakonza kale zogula buku lalikulu la galamala. Koma pa mafunso osankha yankho a galamala analakwa ochepa okha. Vuto linali lakuti anataya nthawi yaitali pamenepo, kubwerera funso lililonse kawiri, moti pofika pa chimangirizo nthawi inali itatha kale theka. Malangizo amafuna mawu oyambira 350 mpaka 500. Iye analemba mawu 230, opanda ndime yomaliza, ndipo nkhani imene anaiyamba ngati ya zinthu zochitika kale inasanduka ya zochitika lero pakati pa tsamba.

Pepala lachiwiri linatiuza zina. Pa gawo lolemba manotsi kuchokera m'nkhani, mwanayo anangokopera ziganizo zathunthu monga zinalili, pamene gawoli limafuna mutu, mfundo zikuluzikulu, timfundo tapansi pake, zonse m'mawu ochepa ndi zidule. Nkhaniyo anaimva bwinobwino. Chimene sanadziwe ndi maonekedwe a yankho limene wochonga amafuna. Pa pepala la mabuku, mayankho ake anali ngati a munthu amene nkhani anaimva kwa mnzake m'minibasi. Titamupanikiza anavomera kuti mabuku enieniwo sanawerengeko ngakhale limodzi mpaka kumapeto, ankadalira timabuku tachidule togulitsidwa m'misewu tija.

Bambo aja atamaliza kuchonga anachita chinthu chimene ndikufuna aliyense wobwereza achite. Malikisi onse otayika anawaika m'milu itatu. Mulu woyamba, zimene mwanayo sadziwa n'komwe. Wachiwiri, zimene amadziwa koma anayankha mosatsata chimene funso likufuna. Wachitatu, zimene sanazifikire chifukwa nthawi inatha. Kwa muphwa wangayu mulu woyamba unali waung'ono, kupatula pa mabuku paja. Unyinji wa malikisi unali m'mulu wachiwiri ndi wachitatu.

Milu imeneyi ndi imene iyenera kugamula nkhani yobwereza, osati misozi ya mayi kapena manyazi a mwana. Malikisi a mulu wachiwiri ndi wachitatu ndi otchipa. Amabwera ndi chizolowezi, ndipo munthu atha kuwatola m'miyezi itatu kapena inayi ngati akulemba sabata ndi sabata pali womuchongera. Malikisi a mulu woyamba ndi odula, chifukwa amafuna kuphunzitsidwa kuyambira pansi. Mwana amene wapeza 7 pa Masamu chifukwa mafulakishoni a ku pulayimale sanawamvetse, ndiye kuti chilichonse chimene anamanga pamwamba pake ndi chogwedera, ndipo miyezi isanu ndi itatu ya sukulu ya masana ingathe asanafike pa silabasi ya folomu 3.

Ndipereke chitsanzo cha mbali inayo. Mayi wina amene amagulitsa moyandikana ndi mlongo wanga atamva za nkhaniyi anabweretsanso kapepala ka mwana wake wamkazi. Chingerezi 6, maphunziro ena atatu 6, awiri 7. Mapointi 38, makirediti anayi. Mtsikanayo akufuna udokotala, ndipo naye akuti anangotsala pang'ono. Ndinawauza mayiwo mosabisa kuti apa sipatsala pang'ono. Kuti apikisane ndi anzake ofuna udokotala ayenera kukweza maphunziro onse asanu ndi limodzi ndi magiredi atatu kapena anayi lililonse, Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu zili momwemo. Sindikuti n'zosatheka. Ndikuti imeneyo ndi ntchito yoyambiranso folomu 3, osati yobwereza chaka chimodzi uku akuthandiza kumsika. Satifiketi imene ali nayo kale ndi yoti atha kufunsira nayo malo m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa kapena Namitete. Mayiwo sanasangalale nane, ndipo mpaka pano moni wake amandipatsa wa pakamwa pokha.

Tibwerere kwa muphwa wanga. Titaona kuti vuto lake ndi lochizika, panabuka funso lachiwiri, limene ambiri amaliyankha mochedwa: alembe Chingerezi chokha, kapena maphunziro onse? Mayi ake ankafuna Chingerezi chokha chifukwa ndi chotchipa. Koma malo ophunzirira amasiyana. Ena amalola kuphatikiza magiredi a maulendo awiri, ena amafuna makirediti onse apezeke paulendo umodzi, ndipo zoyenereza amazilemba m'chidziwitso cha chaka chimenecho. Choncho pezani chidziwitso cha kumene mwanayo akufuna kupita, muwerenge mzere ndi mzere musanalembetse mayeso. Musadalire zimene wanena mwana wa aneba amene analowa zaka zisanu zapitazo. Palibe chowawa ngati kupeza 4 pa Chingerezi kenako n'kuuzidwa pawindo kuti mapepala awiriwa sitiphatikiza.

Palinso masamu ena oti muchite. Mnyamatayu atakweza Chingerezi chokha kuchoka pa 7 kufika pa 5, mapointi ake achoka pa 26 kufika pa 24. Khomo latseguka, inde, koma ofunsira malo m'mayunivesite asanu ndi limodzi a boma ndi ambiri kuposa malo amene alipo, ndipo woyenera kufunsira si wosankhidwa ayi. Kuti chaka chimene akutayachi chikhale ndi phindu, ayenera kukwezanso Masamu kuchoka pa 5 kufika pa 3, Bayoloje kuchoka pa 4 kufika pa 3, ndipo zikatero ali pa 21. Komanso dziwani kuti wolemba onse atha kutsika pa zimene anakhoza. Jogalafe amene anapeza 4 atangochoka m'kalasi sangadzapezenso 4 atakhala chaka osatsegula buku.

Tinagwirizana kuti alembe maphunziro asanu ndi awiri. Mbiri yakale ija ya 8 tinaichotsa, chifukwa siilowa m'mapointi ake ndipo kumene akufuna kupita saifuna. Maola amene ikanadya tinawapereka ku Chingerezi ndi Masamu. Ana ambiri amaopa kusiya phunziro ngati kuti ndi tchimo, koma wamalonda aliyense akudziwa kuti katundu wosayenda sumupatsa malo a kutsogolo kwa benchi.

Tsopano za kakonzekeredwe, pamene ine ndinagwera. Wobwereza ali ndi mdani amene wolemba koyamba alibe: chilichonse chimene atsegule amachizindikira. Akawerenga manotsi a kayendedwe ka magazi mtima umati izi ndikuzidziwa, n'kutembenuza tsamba. Koma kuzindikira chinthu chili pamaso pako ndi kwina, kuchitulutsa m'mutu buku litatsekedwa ndi kwina, ndipo mayeso amafunsa chachiwiricho. Mu 2006 akatswiri awiri a ku Amereka, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anayesa zimenezi pa ophunzira a payunivesite. Gulu lina linawerenga nkhani mobwerezabwereza, lina linaiwerenga pang'ono kenako n'kumalemba zimene likukumbuka osaonera. Atawayesa patapita mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja anapambana. Atawayesa patapita sabata, zinatembenuka: odziyesa aja anakumbukira pafupifupi magawo 61 pa 100 alionse, owerenga aja 40 okha. Chomvetsa chisoni n'chakuti owerenga mobwereza aja ndi amene ankadzikhulupirira kwambiri kuti adzakumbukira. Nditawerenga zimenezi ndinadziona ndekha ndi manotsi anga a tiyi aja.

Choncho lamulo limene tinamupatsa ndi lakuti buku limatsegulidwa pomaliza, osati poyamba. Akafuna kubwereza mutu wa Bayoloje, ayambe walemba papepala loyera zonse zimene akukumbuka, ajambule chithunzi cha mtima n'kulemba mayina a zigawo zake, kenako ndiye atsegule buku aone zimene zasowa. Zosowazo ndi zimene awerenge, ndipo adzaziyesenso pakapita masiku atatu, kenako pakapita sabata. Poyamba zimenezi zimakhumudwitsa, chifukwa pepala loyeralo limakhala loyeradi. Sabata yoyamba anabwera kwa ine nkhope itagwa. "Amalume, ndikuona ngati ndaiwala zonse." Ndinati sunaiwale lero, unali utaiwala kale, lero wangodziwa.

Pa Chingerezi dongosolo lake ndi ili. Loweruka lililonse m'mawa, asanapite kukathandiza mayi ake kumsika, amalemba chimangirizo chimodzi ndi wotchi. Mphindi zisanu zoyamba saloledwa kulemba chiganizo, amangondandalika mfundo za ndime iliyonse pambali. Bambo aja amachonga tsiku lomwelo. Lamlungu amalembanso chimangirizo chomwe chija, mutu womwewo, atakonza zolakwa. Gawo lachiwirili ndi limene ana amalizemba, amangoona malikisi n'kupinda pepala, chonsecho phunziro lili m'kulembanso. Pa pepala lenileni amayamba ndi kugawa nthawi, n'kulemba pakona ola limene ayenera kusiya galamala kaya wamaliza kaya sanamalize.

Ali ndi kabuku ka zolakwa, kope wamba la masamba 40. Cholakwa chilichonse chimalowa mmenemo pamodzi ndi kakonzedwe kake, ndipo amakawerenga asanayambe chimangirizo chotsatira. Patapita mwezi tinaona kuti zolakwa zake si zambiri, ndi zinayi kapena zisanu zomwezomwezo zimene zimangobwerera. Zambiri mwa izo zimachokera ku chiyankhulo chathu. Ife timati iye kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, pamene Chingerezi chimasiyanitsa, ndiye m'nkhani yake agogo aakazi ankasanduka aamuna pakati pa ndime. Ife l ndi r sitizisiyanitsa pomva, ndiye polemba amazisinthanitsa. Timawu ting'onoting'ono timene Chingerezi chimaika patsogolo pa dzina ife tilibe, ndiye amatidumpha. Buku lalikulu la galamala lija likanamuphunzitsa mitu makumi atatu pamene matenda ake ndi asanu.

Mabuku a litiricha tinamuuza awerenge enieniwo, mokweza, masamba ochepa tsiku lililonse. Koma tisanagule tinapita kukafunsa pasukulu mabuku amene adzafunsidwe chaka chimene iye akulembacho. Silabasi ndi mabuku zimasintha. Amene munalemba kale mukukumbukira kuti Fizikisi ndi Kemisitiri linali phunziro limodzi, pano ndi awiri. Wobwereza amene akuwerengera kunyumba ndi amene amamva mochedwa za kusintha kotere, ndipo mapepala akale kwambiri atha kumuzoloweza mafunso amene sabweranso.

Pa nkhani ya sukulu ya masana, maganizo anga ndi awa, ndipo aphunzitsi ena sadzandikonda. Musalipire chifukwa choti mwana azikhala m'kalasi. Pitani mukafunse funso limodzi: kodi pa mwezi ana amalemba zimangirizo zingati zimene zimachongedwa n'kubwezedwa? Ngati kalasi ili ndi ana odzaza mpaka pakhomo ndipo mphunzitsi amangolembetsa manotsi pabolodi, mwana wanu akukalandira mankhwala omwe aja amene sanamuchize. Kumene sukulu imafunikadi ndi pa maphunziro a sayansi, chifukwa mayeso ake ali ndi gawo lochita ndi manja, ndipo kuyeza madzi a asidi kapena kudula duwa sungaphunzire pamkeka. Muphwa wanga amapita masiku amene kuli Kemisitiri, Bayoloje ndi Masamu. Ndalama yotsala imapita kwa bambo ochonga aja.

Za anthu oyenda ndi mafoni m'matumba akuti ali ndi mayeso enieni, ndingonena mwachidule. Wobwereza ndi kasitomala wawo woyamba chifukwa ali ndi mantha. Kumbukirani kuti mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa cha kubedwa kwa mapepala, ndipo onse, akuba ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021.

Chomaliza chimene tinagwirizana, mayi ake ali pomwepo, ndi tsiku lounikanso. Kulembetsa mayeso kumatsekedwa miyezi yambiri mayesowo asanafike, ndiye ndalama imeneyo inapita kale. Koma fizi ya teremu ndi teremu, ya ochonga, ndi maola amene mnyamatayu sali pabenchi, zimenezo zikupitirira kutuluka. Tinati pakatha milungu khumi ndi iwiri adzalembanso mapepala atatu athunthu amene sanawaonepo, wotchi ili pakhoma, ndipo bambo aja adzachonga osayang'ana nkhope. Ngati chimangirizo chidzakhale chikadali pansi pa mawu 350 ndipo zolakwa zisanu zija zikadali momwemo, tidzakhala pansi n'kukambirana za ku Soche, iye akumva. Mlongo wanga anati zimenezo ndi nkhanza. Mnyamatayo ndi amene anati ayi amayi, zili bwino choncho.

Pamene ndikulemba pano tili pa sabata yachisanu ndi chiwiri. Chimangirizo cha Loweruka lapitali chinali ndi mawu 390 ndipo chinafika kumapeto nthawi isanathe. Agogo aja anakhala aakazi kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza. Koma pa Masamu, mafunso a magilafu akumuzunguzabe, ndipo aphunzitsi ake akuti amenewo ndi a mulu woyamba.